Vidiyo yoimirira ya pafoni: malo a munthu, malo a mawu ndi kudula mofulumira

Chithunzi chimene mumaona pojambula si chimene woonera amaona. Vidiyo ikangolowa pa TikTok, pa Reels ya Facebook ndi Instagram, kapena pa Shorts ya YouTube, pulogalamuyo imaikapo zake pamwamba pa zanu. Dzina lanu, mawu ofotokoza ndi dzina la nyimbo zimakhala m'munsi, mabatani amandandalika kudzanja lamanja, ndipo kumtunda kumakhalanso timawu tina. N'chifukwa chake mumapeza telala wajambula diresi lokongola, walemba mtengo m'munsi mwenimweni, koma mtengowo wabisika kuseri kwa dzina lake lomwe. Anthu n'kumafunsabe kuti, "Ndi zingati?" Vutoli limayamba kuthetsedwa pojambula, osati pokonza pokha. Pano titsatira telala mmodzi amene akufuna vidiyo ya masekondi 20 yotsatsa diresi la chitenje.

Tiyambe ndi muyezo. Vidiyo yoimirira imakhala ya 9:16, kutanthauza mapikiseli 1080 m'lifupi ndi 1920 m'litali. Imitsani foni kuyambira pachiyambi. Mukajambula mogoneka n'cholinga chodzadula m'mbali pambuyo pake, pa mapikiseli 1920 a m'mbali mumangotsala ndi pafupifupi 608, ndipo mukawatambasula kuti adzaze sikirini chithunzi chimachita mbuu. Onaninso kuti kamera ili pa Video, pa 1080p, ndipo mukugwiritsa ntchito diso la 1x. Diso la 0.5x limalowetsa zambiri, inde, koma limatalikitsa zinthu za m'mphepete, moti mapazi ndi mpendero wa diresi zimaoneka zokokeka.

Kenako yatsani mizere yotsogolera. M'mafoni ambiri imalembedwa kuti Grid kapena Grid lines m'makonzedwe a kamera, ndipo imagawa sikirini patatu chopingasa ndi patatu choimirira. Mizere iwiri yopingasayo ndiyo ikuthandizeni kwambiri. Wapamwamba uli pa mapikiseli 640 kuchokera kumtunda, wam'munsi uli pa 1280. Kampani ya Meta, mwini wa Facebook ndi Instagram, imalangiza otsatsa malonda pa Reels kuti asiye pafupifupi magawo 14 pa 100 kumtunda, magawo 35 pa 100 kumunsi ndi magawo 6 pa 100 mbali iliyonse popanda mawu kapena chizindikiro chofunika. Tikawerengera pa 1920, kumtunda mukusiya mapikiseli pafupifupi 270, kumunsi pafupifupi 670. Ndiye kuti malire a m'munsi akugwera cha pa 1250, pafupi kwambiri ndi mzere wam'munsi uja. Simufunikanso kuloweza manambala: chilichonse chimene chili kunsi kwa mzere wachiwiri muchiyese choti chikhoza kuphimbika. Muyezowu ndi wosiya malo ambiri, chifukwa zotsatsa zolipira zimakhala ndi batani lina lowonjezera, koma amene wautsatira vidiyo yake imakhala bwino kulikonse kumene angaiponye.

Munthu akamalankhula, foni ikhale pa msinkhu wa pachifuwa kapena wa maso ake, mtunda wa mita imodzi kapena imodzi ndi theka, ndipo maso ake akhale pa mzere wapamwamba. Mukawaika pakati penipeni pa sikirini, kumtunda kumatsala khoma lopanda kanthu, ndipo manja amene akuonetsa nsalu amatsikira kumalo ophimbika. Mukawakweza kwambiri, mutu umalowa m'timawu ta kumtunda.

Diresi lathunthu ndilo limavuta. Chibadwa chimakuuzani kuti mudzaze sikirini yonse, mutu kumtunda, mapazi kumunsi. Mukatero mpendero, womwe mwina ndi pamene telala wagwirapo ntchito yambiri, umagwera pansi pa mawu a pulogalamu. Bwererani m'mbuyo mpaka mamita atatu kapena kuposerapo, tsitsani foni ifike m'chiuno mwanu osaiweramitsa, mpaka mpendero ufike pafupi ndi mzere wam'munsi, pansi pake pangotsala nsapato ndi simenti. Wovalayo aoneka wamng'ono ndithu. Musadandaule nazo, chifukwa chithunzi chimenechi ntchito yake n'kungoonetsa kasokedwe konse, ndipo zina zonse muzionetsa moyandikira m'zidutswa zotsatira.

Za kuwala tinene mwachidule. Wovalayo ayang'ane kukhomo kapena kuwindo, inu kuwalako kukhale kumsana kwanu. Panja, mthunzi wa khonde ndi wabwino kuposa dzuwa la masana, lomwe limadetsa m'maso ndi kufufutitsa mitundu ya chitenje. Dinani pankhope kwa kanthawi mpaka paoneke AE/AF Lock kapena kachizindikiro ka loko, apo ayi kamera izingosintha kuwala nthawi iliyonse imene nsalu yowala yadutsa. Mukajambulira m'shopu pansi pa nyale zamagetsi n'kuona mizere ikuyenda kapena chithunzi chikuthwanima, chifukwa chake n'chakuti magetsi a kuno kwathu amayenda pa 50 Hz, pamene foni ikujambula pa 30 fps kapena 60 fps, kutanthauza zithunzi 30 kapena 60 pa sekondi. Ngati foni ikulola, sankhani 25 fps kapena ikani Anti-flicker pa 50 Hz. Ngati sikulola, zimitsani nyaleyo mutsegule chitseko.

Tsopano zidutswa. Musajambule vidiyo imodzi yaitali n'kumayendayenda ndi foni. Jambulani zidutswa zosiyana, chilichonse masekondi asanu kapena asanu ndi limodzi, foni itakhazikika, zigongono zitatsamira m'nthiti. Yambani kujambula sekondi imodzi chochitikacho chisanayambe, ndipo muleke sekondi imodzi chitatha, kuti podula mudzakhale ndi pogwira. Telala wathu atenge wovala akutembenuka, khosi la diresi, manja, zipi ya kumbuyo ikutsekedwa, dzanja likulowa m'thumba, msoko wa mkati atautembenuza, ndi iye mwini akulankhula. Msoko wa mkatiwo ambiri amauiwala, pomwe wogula wodziwa zovala ndi umene amafuna kuona.

Pokonza, mu CapCut, InShot kapena VN, choyamba ikani Ratio pa 9:16 musanalembe mawu alionse. Masekondi awiri oyambirira akhale a wovala ali mkati motembenuka, diresi likuuluka. Moni, dzina la shopu ndi chizindikiro chozungulira zisayambe, chifukwa chala cha woonera chimakhala chili kale pa sikirini. Kuyambira sekondi yachiwiri mpaka ya 11 ikani khosi, manja, zipi, thumba ndi msoko, chilichonse sekondi imodzi ndi theka kapena awiri. Kuchoka apo mpaka ya 16 aoneke telala akunena za masaizi ndi masiku amene amasokera. Masekondi anayi otsiriza ndi a diresi lathunthu, mtengo ndi malo.

Liwiro sikungodula kwambiri ayi. Chidutswa chizichoka chikangomaliza kunena chimene chabwera kudzanena. Zipi ikafika kumtunda, dulani pomwepo, musadikire dzanja lichoke. Malo abwino odula ndi pamene chinthu chikuyenda: dzanja likulowa m'thumba chapatali, dulani ndi batani la Split, n'kupitiriza ndi chidutswa chapafupi dzanjalo likumaliza kulowa. Diso limatsatira dzanjalo ndipo siliona podulidwa. Koma samalani kuti chinthu chofunika chizikhala malo amodzimodzi pa sikirini. Ngati khosi linali kumtunda kumanzere, kenako zipi yatulukira kumunsi kumanja, woonera amataya theka la sekondi akufunafuna, ndipo pa chidutswa cha sekondi imodzi ndi theka imeneyo ndi nthawi yambiri. Zosintha zothwanima ndi zozungulira zisiyeni. Pa nsalu ya maluwa ang'onoang'ono zimangosokoneza, komanso vidiyo ikapanikizidwa potumiza, malo amenewo ndi amene amayamba kusweka kukhala timabokosi.

Pamene telala akulankhula, chotsani mpweya wautali ndi "eee" wa pakati pa ziganizo, koma musiye kampata kakang'ono kuti mawu asagundane. Mukadula pakati, mutu wake umaoneka ngati walumpha. Bisani malowo ndi chidutswa cha makina akusoka mawu akupitirirabe, kapena kulitsani chidutswa chotsatiracho kufika 110 kapena 115 pa 100 kuti kuoneke ngati mwasendera dala. Mukapitirira apo pa vidiyo ya 1080p, nkhope imayamba kufooka. Ndipo mawuwo ajambulidwe makina ataima, wailesi itazima, foni ili pafupi. Phokoso la chigayo kapena la njinga za kabaza likalowa, kulichotsa n'kovuta.

Mawu olembedwa amafuna chisamaliro chapadera pa Chichewa, poti mawu athu ndi aatali. Malo otetezeka m'lifupi ndi ochepa: mukasiya mapikiseli 65 kumanzere ndi pafupifupi 140 kumanja chifukwa cha mabatani, mumatsala ndi osakwana 900. Mafoni ataliatali a masiku ano amathanso kudya pang'ono m'mbali kuti vidiyo idzaze sikirini. Choncho mzere umodzi usapitirire zilembo 20 kapena 22, ndipo mizere isapose iwiri nthawi imodzi. "Timasokanso malinga ndi muyezo wanu" ikakhala mzere umodzi, muyenera kuchepetsa zilembo mpaka zosawerengeka. Ifupikitseni n'kuidula pawiri, "Timasokanso" pamwamba, "pa muyezo wanu" pansi. Pa chitenje, zilembo zoyera zokha zimasowa m'maluwa, ndipo zofiira kapena zachikasu zimasoweratu. Ikani kabokosi kakuda kumbuyo kwake ndi Background, kapena mzere wakuda wozungulira chilembo ndi Stroke. Mtengo, tinene K35,000, ukhale pamwamba pa mzere wam'munsi kapena kumtunda kwa mutu wa wovala pamene pali khoma, bola usalowe m'mapikiseli 270 oyamba aja. Kuti mudziwe nthawi yoti mawu akhale, awerengeni mokweza kawiri. Nambala ya foni imafuna masekondi anayi, ndipo ndi bwino kuilembanso m'mawu ofotokoza vidiyo.

Mapulogalamu ngati TikTok amasuntha mabatani awo nthawi ndi nthawi, ndiye dzipangireni muyezo wanuwanu. Tsegulani vidiyo iliyonse pa TikTok kapena pa Reels, jambulani sikirini, lowetsani chithunzicho mu ntchito yanu ngati Overlay, chitambasuleni chidzaze malo onse, n'kutsitsa Opacity mpaka muziona vidiyo yanu kudutsira m'menemo. Pamene mawu anu akugundana ndi batani muonapo nthawi yomweyo. Mukasuntha mawuwo, chotsani chithunzicho musanatulutse vidiyo. Kumbukiraninso kuti Instagram imadula kumtunda ndi kumunsi ikamaonetsa vidiyo patsamba lanu pamodzi ndi zinzake, choncho chithunzi chapachikuto chikhale ndi nkhope ndi mawu chapakati.

Pa Export sankhani 1080p ndi fps yomwe munajambulira. Pa 8 Mbps, vidiyo ya masekondi 20 imakhala pafupifupi 20 MB, yomwe bandulo ikhoza kupirira. Kutulutsa pa 4K kumangotha data, chifukwa pulogalamu idzaichepetsabe. Ngati wojambula ndi wina ndipo wokonza ndi wina, musatumizirane zidutswa pa WhatsApp ngati vidiyo wamba, poti imazipanikiza, ndipo Status kapena TikTok idzazipanikizanso kachiwiri, maluwa a chitenje n'kusanduka phala. Tumizani ngati Document, kapena samutsani ndi chingwe.

Musanauze makasitomala, iponyeni kaye moti muione nokha. Pa TikTok sankhani Only you, pa Status sankhani munthu mmodzi pa Only share with. Ioneni mutazimitsa mawu, muli panja powala, makamaka pa foni yaing'ono yotsika mtengo ngati ilipo pafupi. Ngati mtengo sukuwerengeka foni ili patali ndi nkhope utali wa mkono, kulitsani zilembo n'kuchepetsa mawu. Ngati mwafunika kuibwereza kuti muone msoko, chidutswa chimenecho chiwonjezereni theka la sekondi, ndipo mulichotse pa kulankhula kwa telala.