Yesani mbewu ya anyezi pa kansalu musanafese pa nazale

Njere ya anyezi siichedwa kufa. Ya tomato itha kukhala zaka 4, ya repu ndi kabichi zaka 3 kapena kuposerapo, koma ya anyezi ikangodutsa chaka chimodzi imayamba kukana kumera. Vuto lake n'lakuti yakufa ndi yamoyo zimaoneka chimodzimodzi, zonse zakuda bii. Ndiye ngati muli ndi paketi yotsala chaka chatha, iyeseni kutatsala masabata 2 kuti mufese.

Sakanizani njere zonse, kenako muwerenge 20 mosasankha. Nyowetsani kansalu koyera ka chitenje, mukafinye mpaka madzi asiye kudontha. Apa m'pomwe ambiri amalakwitsa: nsalu ikakhala yonyowa kwambiri njere zimasowa mpweya n'kuola, inu n'kumati mbewu ndi yakufa. Yalani njerezo motalikirana, pindani nsaluyo ngati mkeka, muiike m'jumbo osamanga kwambiri kukamwa kwake. Ikhale m'nyumba pofunda, osati padzuwa.

Tsegulani tsiku lililonse, ndipo ikayamba kuuma muwaze timadzi. Repu ndi mpiru zimatulutsa kamuzu pa masiku 3 mpaka 5, koma anyezi mumudikire mpaka tsiku la 12. Werengani zokhazo zomwe zatulutsa muzu woyera wolimba. Yomwe yangotupa kapena yachita chuku musaiwerenge.

Tinene kuti pa 20 paja zamera 11. Ndiye kuti pa njere 100 zilizonse muyembekezere 55, mwinanso zochepera, poti dothi la pa nazale silisamala njere ngati kansalu. Mbewu yotere fesani yowirikiza kawiri pa bedi lomwelo. Zikamera 17 kapena kuposa, fesani monga mwa masiku onse. Zikalephera kufika 10, ine ndingagule ina, chifukwa ngakhale zomerazo zimakhala zofooka.

Chopha mbewu posunga ndi chinyezi ndi kutentha. Paketi yotsegula yotsomekedwa kudenga la malata, kapena pafupi ndi moto kukhitchini, imatha mphamvu msanga. Yanikani njere pamthunzi podutsa mphepo kwa sabata imodzi. Kuti mudziwe ngati zaumadi, thirani mchere wouma m'botolo lagalasi louma, ikani njere pang'ono, tsekani, khutchumulani, dikirani mphindi 15 n'kukhutchumulanso. Mchere ukamamatira m'mbali mwa botolo, yanikaninso.

Zikauma, zikulungeni m'pepala lolembapo dzina la mbewu ndi mwezi wake. Pansi pa botolo lina lotseka bwino ikani makala omwe mwawaumitsa padzuwa lamphamvu ndipo azizira, pamwamba pake pepala la njere lija. Botololo likhale mumdima, m'chipinda chozizira kuposa zonse. Nyengo ya mvula musamalitsegule pafupipafupi. Ngati mumafesa pang'onopang'ono, gawiranitu mbewuyo m'timabotolo tiwiri kapena titatu.