Musanagule penti yezani kaye khoma

Amene mukupenta m'kati mwa nyumba kuno ku Nchalo, Ngabu mpaka Bangula, osamangogula penti mongoganizira, tengani tepi kaye.

Titenge chipinda cha mamita 4 kwa 3, kutalika kwa khoma mamita 3. Kuzungulira makoma onse anayi ndi mamita 14, mutaimuse ndi 3 zikupatsani masikweya mita 42, muchotsepo chitseko ndi windo, pafupifupi 4, atsala 38. Mupaka kawiri, ndiye 76. Kenako werengani pachitini, amalemba kuti lita imodzi imakwana malo otani, ngati alemba 8 mugawe 76 ndi 8, mupeza malita 9 ndi theka, basi zitini ziwiri za malita 5.

Koma nambala ya pachitiniyo ndi ya khoma losalala lopentedwa kale. Pulasitala watsopano amamwa penti koopsa, lita ija mwina ingokwana masikweya mita 6, ndiye yambani ndi andakoti. Penti akamachepa musamuthire madzi ambiri chonde, akauma simenti imaonekerabe mawangamawanga, mudzapakanso kachitatu. Ndi kutentha kwathu kuno pakani m'mamawa, masana amaumira pa rola.