Momwe mungasovere ikwezhoni ya tirigonometiri yomwe yasakaniza sin ndi cos

Amene mukukonzekera mayeso a masamu aku sekondale funso ili mulidziwa, amakupatsani ikwezhoni yomwe muli cos²x komanso sin x kenako akuti pezani x kuyambira 0° kufika 360°. Ambiri amathamangira kakyuleta, iyayi dikirani kaye. Titenge ili:

2cos²x + 3sin x = 3

Vuto apa ndi loti muli zinthu ziwiri, cos ndi sin, ndiye ntchito yoyamba nkuchotsa chimodzi. Timachotsa chomwe chili ndi sikweya chifukwa aidentiti ija ya sin²x + cos²x = 1 imatiuza kuti cos²x = 1 − sin²x. Mukati muchotse sin x yemwe alibe sikweyayo mulowa m'masikweya ruti, simutulukamo.

Ndiye lembani 2(1 − sin²x) + 3sin x = 3. Osaiwala bulaketi chonde, 2 uja akuchulukitsa zonse ziwiri, ambiri amalemba 2 − sin²x basi malikisi apita. Mukatsegula nkusamutsira zonse mbali imodzi zikhala 2sin²x − 3sin x + 1 = 0.

Iyitu ndi kwadiratiki wamba. Ngati sin akukusokonezani m'maso mutcheni y, zikhala 2y² − 3y + 1 = 0, mukafakitolaiza (2y − 1)(y − 1) = 0, ndiye sin x = 1/2 kapena sin x = 1.

Pomwe anthu amagwa kwambiri ndi apa. Pa sin x = 1/2 kakyuleta ikupatsani 30° yokha, koma sin amakhala pozitivu mu kwadiranti yoyamba ndi yachiwiri ndiye palinso 180° − 30° = 150°. Wa sin x = 1 ndi 90° basi, alibe mnzake. Ma ansala ndi 30°, 90° ndi 150°. Yesani 150° mu funso lija, cos²150° ndi 3/4, kuchulukitsa ndi 2 ndi 1.5, kuphatikiza 1.5 wa 3sin 150° yakwana 3. Ikanatuluka sin x = 2 mukanangolemba kuti palibe ansala, sin sadutsa 1.

Msampha wina uli pa funso ngati sin 2x = cos x. Poti sin 2x = 2sin x cos x, mwasintha bwinobwino kukhala 2sin x cos x = cos x kenako dzanja likuyabwa kuti mugawe mbali zonse ndi cos x. Musatero ayi, cos x atha kukhala 0 ndipo mukagawa mwataya ma ansala awiri osadziwa. Samutsani, cos x(2sin x − 1) = 0, apo cos x = 0 akupatsani 90° ndi 270° kuwonjezera pa 30° ndi 150°.

Za kakyuleta, makamaka yobwereka, dinani sin 30 musanayambe. Ikapereka 0.5 ili pa madigiri, ikapereka −0.988 ili pa maradiyani, isintheni pasikirini paoneke D kapena DEG.