Msonkhano wa sabata ndi sabata, anthu ali ku New York, London ndi Dubai

Musayambe ndi kufunsa aliyense nthawi imene akonda. Yang'anani awiri otalikirana kwambiri. Mu Januwale, 8:00 m'mawa ku New York ndi 13:00 ku London, koma ku Dubai yakwana kale 17:00, anthu akuweruka. Mpata wake ndi ola limodzi lokhali, ndiye msonkhano usapitirire mphindi 45.

Pokola anthu ndi apa: Dubai sasintha mawotchi, pomwe New York amawapititsa patsogolo ndi ola limodzi mu Malichi, milungu iwiri kapena itatu London asanatero. Choncho poika msonkhano pa kalendala, umangirireni ku nthawi ya New York. Ukatero, m'miyezi ya pakati pa chaka a ku Dubai amalowa 16:00, zomwe n'zabwinonso. Lachisanu lipeweni, ambiri kumeneko amaweruka masana.