Momwe mungaonetsere zimene munagulitsa ndi kuchita malonda oyerekeza pa intavyu ya ntchito yogulitsa katundu ku Joni

Makampani a ku Sandton, Midrand kapena Kempton Park akamalemba munthu wogulitsa katundu, kawirikawiri amamuyesa pa zinthu ziwiri. Amafuna manambala a zimene anagulitsa kumene akuchokera, kenako mmodzi mwa ofunsa mafunso amasanduka kasitomala kuti aone ndi maso awo momwe munthuyo amatsatsira malonda. Zonsezi zimachitika m'Chingerezi, koma chimene chimagwetsa anthu ambiri si chilankhulo, ndi manambala osakonzekera.

Yambani ndi kusonkhanitsa mapepala kudakali masiku angapo. Tengani mapeyisilipi oonetsa komishoni, kalata ya mgwirizano wa ntchito imene inatchula tageti yanu, ndiponso satifiketi ya IRP5 imene abwana amapereka chaka chilichonse pa nkhani ya msonkho wa ku SARS, bungwe lotolera misonkho, chifukwa komishoni imalembedwamo payokha. Nambala iliyonse imene mudzatchule ikhale ndi zinthu zitatu pambali pake: tageti imene munapatsidwa, nthawi imene munagulitsira, ndi gawo limene linali lanulanu.

Tiyerekeze mayi wina amene ankagulitsa sopo wamadzi ndi mankhwala oyeretsera ku malo ogona alendo a ku Randburg ndi Rosebank. Tageti yake inali R250 000 pamwezi, kutanthauza R3 000 000 pachaka, ndipo anagulitsa katundu wa R3 300 000. Akangonena kuti anagulitsa katundu wa mamiliyoni atatu, ofunsawo sangadziwe ngati anachita bwino kapena ayi, poti mwina anzake ankagulitsa mamiliyoni asanu. Anene kuti anafika pa 110 peresenti ya tageti m'miyezi 12, kuti anapeza makasitomala 40 pamene ankayamba, ndipo anawonjezerapo 18 atsopano. Makasitomala 18 amenewa ndi amene manijala wa zamalonda amatchera khutu kuti amve, chifukwa aja 40 akanagulabe ngakhale mayiyu kulibe.

Ndiye muwerengetse mobwerera m'mbuyo, monga momwe ofunsawo adzachitire. Ngati komishoni ya mayiyu inali 2 peresenti ya zonse zogulitsidwa, mapepala ake ayenera kuonetsa ndalama zoyandikira R66 000 pachaka. Akaonetsa R30 000, funso lidzabwera, ndipo ndi bwino kuti yankho likhale lokonzeka, kaya n'lakuti komishoni inkayamba munthu akadutsa mlingo wina, kaya inkalipidwa kasitomala akamaliza kupereka ndalama. Samalaninso ndi msonkho wa VAT, umene kuno ndi 15 peresenti. Katundu wa R3 300 000 amaoneka ngati wa R3 795 000 pa mainivoyisi, koma makampani ambiri amawerengera tageti popanda msonkhowo, choncho wotchula nambala yaikuluyo amaoneka ngati wokokomeza ngakhale kuti sananame dala.

Amene munagwira ntchito ku Lilongwe kapena ku Blantyre muli ndi vuto lanu lapadera. Kwacha inatsitsidwa mphamvu ndi 25 peresenti mu Meyi 2022, ndipo inatsitsidwanso ndi 44 peresenti mu Novembala 2023, mitengo n'kukwera motsatira. Munthu akhoza kunena moona kuti malonda ake anakwera kwambiri m'makwacha, pamene makatoni amene anatulutsa anali omwewo kapena ochepera. Musavutike kusintha makwachawo kukhala marandi; tchulani makatoni, matani kapena chiwerengero cha masitolo amene munkaperekera katundu, chifukwa zimenezi sizisintha ndi mphamvu ya ndalama.

Chinthu chimodzi musachite: musabweretse mndandanda wa makasitomala a kampani yakale wokhala ndi mayina ndi manambala a foni. Lamulo la POPIA, limene makampani anayenera kuyamba kulitsatira mokwanira pofika pa 1 Julayi 2021, limateteza zinthu zoterezi, ndipo ofunsawo akaona pepala lotere amaganiza kuti tsiku lina mudzatulutsanso lawo. Potchula kasitomala, nenani kuti "malo ogona alendo a zipinda 30 ku Randburg", basi.

Tsopano malonda oyerekeza. Nthawi zina amakutumizirani uthenga wa katundu wawo pasadakhale, nthawi zina amakupatsani mphindi zochepa zokonzekera pomwepo. Musanayambe, funsani kuti kasitomalayo ndi ndani pa malo ake a ntchito, ngati mukukumana koyamba, ndiponso kuti muli ndi mphindi zingati. Kufunsa zimenezi si kufooka, ndipo wogulitsa amene amadziwa ntchito salowa pakhomo asakudziwa amene akukamuona.

Anthu ambiri amalakwitsa pa mphindi yoyamba yeniyeni, pamene amayamba kuyamikira katundu mosapuma ngati akuitanira anthu pa msika wa ku Yeoville. Ngati mwapatsidwa mphindi khumi, zitatu kapena zinayi zoyambirira zikhale za mafunso. Mayi wathu uja angafunse kuti, "Bwana, panopa mumagwiritsa ntchito sopo uti, amakubweretserani kangati, ndipo pamwezi mumatha malita angati osungunula kale?" Tinene kuti woyerekeza kasitomalayo wayankha kuti amagula chigubu cha malita 5 pa R180, ndipo pamwezi amatha malita 400. Mayiyo alembe manambalawo papepala iwo akuona.

Mayiyo akatchula mtengo wa sopo wake wa R240, bwanayo adzanena kuti wakwera, chifukwa ndi mmene masewerowa amayendera. Apa m'pamene ntchito imapezeka kapena kutayika. Wofulumira kunena kuti "ndikuchotserani 10 peresenti" wauza ofunsawo kuti adzadya phindu la kampani nthawi iliyonse kasitomala akakwinya nkhope. Mayiyo afunse kaye kuti sopo wa R180 uja amamusungunula motani. Ngati chigubu chake chimatulutsa malita 100, pamene cha R240 chimatulutsa malita 200, ndiye kuti lita imodzi ya wotchipayo imadya R1,80 ndipo ya wodulayo imadya R1,20. Pa malita 400 pamwezi, bwanayo akulipira R720 pomwe akanalipira R480, kusiyana kwa R240 pamwezi kapena R2 880 pachaka. Manambala amenewa ali ndi mphamvu chifukwa theka lake lachokera pakamwa pa kasitomala mwiniwake.

Mukafunsidwa chinthu chimene sichinalembedwe m'mapepala amene anakupatsani, monga masiku operekera katundu kapena ngongole ya masiku 30, musapeke yankho. Nenani kuti mukafunsa ku ofesi ndipo mudzawayankha lisanathe tsiku la mawa. Ofunsawo amaudziwa katundu wawo kuposa inu, ndipo lonjezo labodza amalizindikira nthawi yomweyo.

Musalole kuti nthawi ithe musanapemphe kanthu. Pemphani chinthu chaching'ono chodziwika bwino, chokhala ndi tsiku lake: "Bwana, ndikubweretsereni zigubu ziwiri Lachiwiri, antchito anu ayesere mwezi umodzi, kenako tidzawerengetse limodzi?" Mukatero khalani chete mpaka ayankhe, ngakhale chetelo litalike bwanji. Akakana, funsani chimene chatsala kuti avomere.

Masewero akatha, kawirikawiri amafunsa kuti mukuona kuti mwachita bwanji. Tchulani chinthu chimodzi chenicheni chimene mukanasintha, mwachitsanzo kuti simunafunse ngati bwanayo ndi amene amasayina maoda kapena pali wina pamwamba pake, ndipo fotokozani kuti funsolo mukanaliika pati.