Momwe mungadutsire bokosi la mizere yachikasu popanda kulipira chindapusa ku Britain

Amene mwayamba kuyendetsa galimoto ku Britain mwaona kale mizere yachikasu yopingasana pakati pa mphambano. Bokosi limeneli linayamba kugwiritsidwa ntchito kumeneko mu 1967, ndipo lamulo lake ndi la nambala 174 m'buku la malamulo a pamsewu: musalowemo ngati kumene mukatulukire kulibe malo.

Poyandikira, musayang'ane maloboti okha. Ponyani maso kutsidya kwa bokosi, muone ngati pali mpata wokwana galimoto yanu yonse, mpaka kumbuyo kwake. Ngati palibe, imani musanaponde mizere, ngakhale loboti itayaka yobiriwira. Akumbuyo aziliza hutala, asiyeni, chindapusa sadzakulipirirani.

Ambiri amagwa pa kutsatira mnzawo. Tiyerekeze kuti muli pamzere madzulo, kutsogolo kwanu kuli basi. Basi yalowa, inunso mwaitsata poganiza kuti mzere ukuyenda. Kutsidya malo anali okwana basi yokhayo, ndiye yaima itangotuluka, inu mwatsala pakati pa mizere. Loboti ikasintha, ochokera m'mbali sangadutse, mzere wawo umafika pa mphambano ina n'kutsekanso kumeneko, ndipo ambulansi imasowa podzera. N'chifukwa chake ndi mlandu. Chimene mukanachita ndi kudikira basiyo ituluke, muone malo anu ndi maso, kenako mulowe. Kamera sisamala kuti ndi matayala akumbuyo okha amene atsala m'bokosi.

Pali nthawi imodzi imene mungaime m'katimo: mukamakhotera kumanja, msewu womwe mukulowa uli ndi malo, ndipo chokuimitsani ndi magalimoto ochokera kutsogolo kapena anzanu odikira kukhotera kumanja. Poti kumeneko amayenda kumanzere ngati kwathu, kukhota kumeneku sikwachilendo. Koma ngati msewu wakumanjawo wadzaza, chilolezochi chatha. Pa raundabauti ya maloboti palibenso chilolezo chotere: lowani pokhapokha mudutsa osaima.

Amagwira ndi kamera, ndipo kalata imapita kwa amene galimoto inalembetsedwa m'dzina lake, ndiye samalani mukabwereka ya achimwene. M'misewu ikuluikulu ya ku London chindapusa ndi mapaundi 160, koma mukalipira pasanathe masiku 14 chimatsika kufika pa 80. Kuyambira mu 2022 makhonsolo a ku England a kunja kwa London analoledwanso kupempha mphamvu zolipiritsa, ndipo kumeneko ndi mapaundi 70. Chindapusa cha kamera ya khonsolo sichiika mapointi a chilango pa layisensi.

Kalata ikabwera, onerani kaye kanema wake musanalipire. Onani chimene chinakuimitsani, chifukwa mlandu umakhalapo mukaima kaamba ka magalimoto oima. Ngati munaimira munthu wodumpha msewu pomwe kutsogolo kunali malo, lembani zimenezo podandaula, ndipo tchulani mphindi yake m'kanemamo.