Kalata yovomereza wophunzira unamwino: poyambira ndi pothera

"Ndine sisitala woyang'anira wodi. Wophunzira wanga akufunsira malo ku chipinda cha odwala mwakayakaya, ndipo wandipempha kalata yomuvomereza. Ndiilembe bwanji?"

Asisitala, musanagwire cholembera muuzeni abweretse chikalata cholengeza malowo ndi buku lake lomwe mumasainamo ntchito zimene wachita. Onaninso tsiku lotsekera komanso amene kalatayo ikupita kwa iye.

Ndime yoyamba ikhale ya mizere itatu: udindo wanu, wodi yanu, ndi nthawi imene munamuyang'anira, monga masabata 8, kuphatikizapo mashifiti ausiku.

Mtima wa kalata uli pa ndime yachiwiri. Mawu oti "ndi wolimbikira" aliyense amalemba, ndipo osankha amangowadumpha. Lembani chimene munaona ndi maso anu, chogwirizana ndi malo akufunsirawo. Mwachitsanzo: "Usiku wina anaona kuti kupuma kwa wodwala kwakwera kuchoka pa 18 kufika pa 28 pa mphindi. Anayezanso, anandiitana pomwepo, ndipo analemba zonse m'faili." Osankha akawerenga apa adziwa kuti mwanayu amazindikira msanga wodwala akayamba kufooka, komanso sachita zopitirira malire ake. Dzina la wodwala, nambala ya bedi kapena tsiku lenileni zisaoneke, chonde.

Zimene sanachite payekha musamukometsere. Ngati anayika paipi ya mkodzo inu mukuyang'anira, lembani momwemo, chifukwa mukapanda kutero, uko adzamusiyira ntchitoyo poganiza kuti anaizolowera.

Tsekani ndi chiganizo chimodzi chomuvomereza mosapsatira. Sainani, lembani tsiku ndi nambala ya foni ya kuntchito, dindani chidindo. Tsamba limodzi lakwana, ndipo sungani kope.